Mukamatsegula lesitilanti, atolankhani muwauze chiyani?

Tsiku lililonse kunyumba zofalitsa nkhani kumafika zikalata zochokera kwa anthu amene akufuna kuti dziko lidziwe zomwe akuchita. Ena akukhazikitsa bungwe, ena akukapereka mphatso kuchipatala, ena akutsegula malo odyera. Chikalata chotere, chimene mwini nkhani amalemba yekha n'kutumiza kwa atolankhani, n'chosiyana ndi malonda olipira. Pa malonda mumagula danga m'nyuzipepala kapena mphindi pa wailesi, ndipo mawu anu amatuluka momwe mwawalembera. Chikalata cha kwa atolankhani chimapita chaulere, koma mkonzi ali ndi ufulu wochidula, kuchisintha, kutuma mtolankhani kuti akadzionere yekha, ngakhalenso kungochiponya m'bini.

Zambiri mwa zikalata za malesitilanti zimathera m'binimo, ndipo chifukwa chake n'chimodzi. Mwini malo, atalimbana ndi amisiri, ngongole ndi akhonsolo kwa miyezi, amalemba ndi mtima wosefukira: malo athu ndi apamwamba, chakudya chathu n'chokoma kuposa kwina kulikonse, antchito athu ndi ansangala. Mkonzi mawu amenewa anawawerenga dzulo, ndi dzana lomwe, kuchokera kwa anthu ena. Mulibe chimene angatsimikize, ndiye mulibenso chimene angasindikize. Iye amafuna zinthu zogwirika zimene wowerenga akhoza kukaziona ndi maso: mukuphika chiyani, mukugula kwa yani, ndipo mwalemba ntchito anthu angati. Zitatuzi n'zolumikizana. Kukula kwa malo kumanena kuchuluka kwa mbale, mbale zimanena kuchuluka kwa mpunga ndi nkhuku, ndipo zonsezi zimanena kuchuluka kwa manja ofunika. Amene wanama pa chimodzi, masamu a zinazo amamuulula.

Tiyerekeze mayi wina amene akutsegula lesitilanti mumzinda wa Zomba. Malowo ali ndi mipando 40, azitsegula 7 koloko m'mawa n'kutseka 9 koloko usiku, masiku 6 pa sabata. Manambala onse amene nditchule okhudza mayiyu ndi ongoyerekeza, koma kawerengedwe kake ndi kamene aliyense angatsate pa malo ake.

Ndime yoyamba

Atolankhani amalemba nkhani poyamba ndi mfundo yaikulu, zocheperapo n'kumatsika nazo m'munsi. Amatero chifukwa danga likachepa mkonzi amadula kuyambira pansi. Choncho ndime yoyamba iyenera kuima payokha, kuti ngakhale zina zonse zitadulidwa, womvera wailesi adziwe amene akutsegula, chimene akutsegula, malo ake ndi tsiku lake. Mayi wathu akhoza kulemba motere:

"Lesitilanti yatsopano yotchedwa chakutichakuti, ya mipando 40, itsegulidwa Loweruka pa deti yakuti pafupi ndi msika waukulu wa Zomba. Izikonza zakudya zachimalawi, mpunga izigula kwa alimi a sikimu ya Domasi, ndipo yalemba ntchito anthu 14."

Ziganizo ziwiri basi, koma nkhani yonse ilimo. Tsiku lilembedwe lonse, deti, mwezi ndi chaka, chifukwa mawu akuti "Loweruka likudzali" amasokoneza chikalata chikagona sabata pa tebulo la mkonzi. Malo afotokozedwe momwe munthu wa kabaza angawapezere. Ambiri a ife sitiyendera manambala a mapuloti, timayendera msika, depoti, filing'i siteshoni kapena mtengo wodziwika. Mbiri ya mwini malo, kumene anaphunzira kuphika ndi chimene chinamupangitsa kuyamba bizinesi, zibwere kumapeto, m'ndime imodzi. Chikalata chonse chisapitirire tsamba limodzi.

Menyu: tchulani mbale zochepa, koma muzitchule bwino

Cholakwika chofala ndi kukopera menyu yonse m'chikalata, kuyambira tiyi mpaka zakumwa zoziziritsa kukhosi. Palibe nyuzipepala imene ingasindikize mndandanda wa zakudya 35. Sankhani zitatu kapena zinayi zimene zikusiyanitsa malo anu ndi ena, ndipo muzifotokoze mwakuti munthu azione m'maganizo. Mawu akuti "zakudya zamakolo" sauza munthu kanthu. Koma mukati nsima ya mgaiwa ndi nkhuku ya lokolo yophikidwa ndi tomato ndi anyezi wokha, pambali nkhwani wotendera, kapena mukati matemba a ku Chilwa okazinga ndi tsabola wa kambuzi, kapena thobwa la mawere lofululidwa pamalo pomwepo, wowerenga wamva kale fungo. Ngati Lachisanu lililonse kuzikhala mang'ina, nenani, chifukwa tsiku lodziwika limakokera anthu kuposa lonjezo la zonse nthawi zonse.

Mitengo iyenera kukhalamo. Eni malo ambiri amaibisa poopa kuthamangitsa anthu, koma munthu amene sakudziwa mtengo amangoganiza kuti n'kodula ndipo sabwera. Sikofunika kutchula mtengo wa mbale iliyonse. Wa mbale yotsika ndi wa yokwera n'zokwanira, kuti wophunzira wa pa yunivesite ndi bwana wa ku ofesi aliyense adziwe pamene akugwera. Koma mulembe kuti mitengoyo ndi ya mwezi wotsegulira. Tonse tikukumbukira Novembala 2023, pamene kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya mafuta ophikira ndi zina n'kusintha m'masiku ochepa. Nkhani ya m'nyuzipepala imakhalitsa, ndipo kasitomala akhoza kubwera nayo m'manja patapita miyezi itatu.

Pa chambo ndiye pofunika kusamala kwambiri. Aliyense amafuna kulemba kuti "chambo cha m'nyanja ya Malawi tsiku lililonse", koma lonjezo limeneli n'lovuta kulisunga. Chaka chilichonse, kuyambira mu Novembala, boma limatseka usodzi wa makoka ena panyanjayi kuti chambo chiswane, ndipo nthawi imeneyo nsombayi imasowa n'kukwera mtengo. Amene akulonjeza chambo chaka chonse anene kumene azichipeza m'miyezi yotsekayo. Chilipo chowetedwa m'zikwere za panyanja, monga chimene kampani ya Maldeco imaweta ku Mangochi, ziliponso nsomba za m'maiwe a alimi. Zonsezi n'zabwino kudya, ndipo palibe chochititsa manyazi kuzitchula. Chochititsa manyazi ndi kuika makumba m'mbale n'kuwatcha chambo. Anthu a ku Zomba, Liwonde ndi Mangochi nsomba amazidziwa, ndipo mmodzi akazindikira, mawa tauni yonse yamva.

Chimodzimodzi mawu akuti halaal. M'chigawo chakum'mawa muli Asilamu ambiri, ndipo kwa iwo mawuwa ndi nkhani ya chikhulupiriro. Musawalembe pokhapokha muli ndi chiphaso chochokera ku nthambi yoona za halaal ya bungwe la Muslim Association of Malawi. Ngati mumangogula nyama ku butchala imene ili ndi chiphasocho, nenani zomwezo, osawonjezera.

Kugula kwa alimi: apa masamu ndi amene amayankhula

Chiyambireni ndondomeko ya Buy Malawi mu 2016, pafupifupi bizinesi iliyonse yatsopano imanena kuti ikutukula alimi a m'dziko muno. Mawuwa afika pozolowereka mwakuti mkonzi amangowadumpha. Amaima pokhapokha akaona dzina la dera, dzina la mbewu ndi muyeso wake.

Tiyeni tiwerengere mayi wa ku Zomba uja. Tsiku labwino, mipando 40 ikadzaza kawiri masana ndi kamodzi madzulo, ndiye kuti wagulitsa mbale 120. Tinene kuti mwa zimenezi 40 ndi za mpunga, zotsalazo ndi nsima ndi tchipisi. Mbale imodzi ikamadya magalamu 150 a mpunga wosaphika, pa tsiku pafunika makilogalamu 6. Pa masiku 26 ogwira ntchito m'mwezi, ndi makilogalamu 156, kutanthauza matumba atatu a makilogalamu 50 ndi kapamwamba pang'ono. Pa chaka sakufika matumba 40. Tsono mayiyu akalemba kuti lesitilanti yake "ipindulira alimi a mpunga mazanamazana", mtolankhani wodziwa kuwerenga angoseka, chifukwa mpunga umenewo mabanja ochepa chabe akhoza kuukwanitsa. Koma akalemba kuti azigula matumba atatu pa mwezi kwa kalabu imodzi ya alimi a ku Domasi, pa mtengo umene agwirizana, akunena chinthu chaching'ono koma choona, ndipo mtolankhani akhoza kukwera minibasi kukacheza ndi alimiwo. Nkhani yabwino imachokera pamenepo.

Nkhuku zimaonetsa mbali ina ya masamu omwewa. Ngati mbale 30 pa tsiku ndi za nkhuku ya lokolo, ndipo nkhuku imodzi imatuluka magawo 5, ndiye kuti pafunika nkhuku 6 pa tsiku, 36 pa sabata, zoposa 150 pa mwezi. Nkhuku ya lokolo siikula m'masabata 6 ngati ya chizungu. Imafuna pafupifupi theka la chaka. Khomo limodzi la kumudzi silingatulutse nkhuku 36 sabata iliyonse, ndipo chitopa chikadutsa m'mudzi makola amatsala mbee. Choncho pa nkhuku, mayiyu afunikadi mabanja ambiri kapena munthu wozisonkhanitsa m'misika ngati ya Jali, Songani ndi Thondwe. Apa ndi pamene nambala yaikulu ingakhale yoona, ndipo ndi pamenenso ayenera kufotokoza chimene adzachite nkhuku zikadzasowa. Kodi adzachotsa mbaleyo pa menyu kwa kanthawi, kapena adzaika ya chizungu mwakachetechete? Kasitomala amene walipira mtengo wa lokolo amazindikira akangoluma fupa.

Funso lina limene mtolankhani wabwino amafunsa ndi lakuti mukugula kwa mlimi mwiniwake kapena kwa venda. Kugula kwa venda si tchimo. Mavenda ndi amene amafikitsa kachewere wa ku Dedza ndi Tsangano m'misika ya m'tauni, ndipo popanda iwo tchipisi sitingachione. Koma ngati tomato mumakagula mumsika wa Zomba m'mawa uliwonse, lembani kuti mumagula mumsika wa Zomba. Musalembe kuti muli pa mgwirizano ndi alimi. Mgwirizano umatanthauza kuti pali anthu odziwika amene mwapangana nawo muyeso, mtengo ndi tsiku lolipira.

Tsiku lolipiralo ine ndimaliona ngati mfundo yofunika kuposa zonse m'gawo lino, ngakhale zikalata zambiri sizilitchula. Mlimi wamng'ono amene wapereka ndiwo zamasamba Lolemba sangadikire kutha kwa mwezi, chifukwa ndalama yomweyo ndi yogulira mbewu, sopo ndi makope a ana. Malo odyera ambiri amatenga katundu pa ngongole n'kumazengereza, mpaka mlimi amatopa n'kubwerera kukakhala pamsewu. Ngati inu muzilipira pompopompo, kapena Lachisanu lililonse kudzera pa foni, lembani zimenezo m'chikalata. Ndi chiganizo chimodzi, koma chimauza alimi ena kuti kuno kuli msika wodalirika, ndipo chimakumangani inuyo pamaso pa anthu kuti musunge pangano.

Musanatchule kalabu kapena mlimi aliyense, kapena kutumiza chithunzi chake, mupempheni kaye. Ena safuna kuti anansi adziwe kuti ayamba kulandira ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo ali ndi zifukwa zawo.

Ntchito: zokhazikika padera, ganyu padera

Nambala ya ntchito ndi imene kawirikawiri imakhala mutu wa nkhani, n'chifukwa chake ndi imenenso imakokomezedwa kwambiri. Njira yake ndi yodziwika: mwini malo amaphatikiza amisiri amene anamanga, anyamata amene anapenta, antchito a m'khitchini, alimi, ngakhale a kabaza amene aziima panja, n'kulengeza kuti "tapanga ntchito 80". Amisiri aja anamaliza n'kupita kwawo malo asanatsegulidwe n'komwe.

Lesitilanti ya mipando 40 ikhoza kukhala ndi manijala mmodzi, makhukhi atatu, othandiza kukhitchini ndi kukonza awiri, operekera zakudya anayi, olandira ndalama awiri ndi alonda awiri. Onse pamodzi ndi 14. Chikalata chinene nambala imeneyi ndi kugawika kwake, kenako padera chinene kuti pomanga panagwira ganyu anthu angati kwa miyezi ingati. Ngati pali chiyembekezo chowonjezera antchito bizinesi ikakula, chilembedwe ngati chiyembekezo, osati kuphatikizidwa ndi amene alembedwa kale.

Wowerenga akhoza kuyesa nambala ya antchito ndi maola otsegulira. Malo otsegula 7 koloko m'mawa mpaka 9 koloko usiku amagwira maola 14 pa tsiku, 84 pa masiku 6, osawerengera nthawi yosonkha moto m'mamawa ndi yotsuka mapoto usiku. Lamulo la ntchito la 2000 limati maola a masiku onse a wantchito asapitirire 48 pa sabata. Ndiye kuti malo amenewa afunika magulu awiri osinthana. Chikalata chikati malo azitsegula maola onsewo koma antchito ndi 6, chikuulula chokha kuti anthuwo azigwira kuyambira m'bandakucha mpaka usiku. Nambala yochepa kwambiri ndi yokayikitsa mofanana ndi yochuluka kwambiri.

Ndi bwinonso kunena mtundu wa ntchitozo. Kodi antchito ali ndi makalata a ntchito? Kodi malipiro awo akufika pa mlingo wotsikitsitsa umene boma linakhazikitsa? Kodi akudulidwa ndi kuikiridwa penshoni monga lamulo likunenera? Sikofunika kuulula malipiro a munthu aliyense, koma chiganizo chonena kuti onse 14 asayina makalata a ntchito chili ndi kulemera, chifukwa m'malo odyera ambiri anthu amagwira zaka popanda pepala lililonse, n'kudzachotsedwa ndi mawu apakamwa. Ngati ena mwa makhukhi anaphunzira ku Malawi Institute of Tourism kapena m'makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA, tchulani. Ngati asanu ndi achinyamata amene aka n'koyamba kulembedwa ntchito, tchulaninso, koma muwerenge kaye, musangoponya nambala. Ndipo ngati malo onse adzaza kale, nenani momveka, kuopa kuti Lolemba m'mawa mungapeze khamu la achinyamata pageti atanyamula maenivelopu, ena atabwereka ndalama ya thiransipoti.

Mawu a mwini malo

Chikalata chimakhala ndi ndime imodzi ya mawu a mwini malo, amene mtolankhani angawagwiritse ntchito momwe alili. Ambiri amawononga mpatawu ndi mawu akuti "ndife okondwa kwambiri". Kukondwa kwanu aliyense akukudziwa. Nenani chimene manambala sangathe kunena: chifukwa chimene mwasankhira mgaiwa pamene ena onse akuphika woyera, kapena chimene munaona kwa alimi a ku Domasi kuti muwakhulupirire. Muwerenge mawuwo mokweza musanatumize. Ngati simungawayankhule choncho pamaso pa mnzanu, alembeninso.

Kutumiza

Musalengeze tsiku lotsegulira mapepala asanakwane. Khonsolo ya mzinda imayenera kuyendera malo ndi kupereka chiphaso, ndipo ogwira zakudya amayenera kuyezedwa kuchipatala. Zimenezi zimatenga nthawi yake, ndipo palibe chopweteka ngati kuitana anthu pa wailesi kenako n'kumata chipepala pachitseko kuti tasintha tsiku.

Zonse zikakhala m'malo, tumizani patatsala sabata imodzi kapena masiku 10, kenako mukumbutse patatsala masiku awiri. Lembani mawuwo m'kati mwa imelo kapena uthenga wa WhatsApp momwemo, kuti mtolankhani athe kukopera. Chithunzi cha kalata kapena chipepala chokongoletsedwa chimamupatsa ntchito yolembanso, ndipo akakhala pa changu amangochisiya. Zithunzi zikhale ziwiri kapena zitatu zowala bwino: mbale ya chakudya yojambulidwa pafupi, khukhi ali pamoto, mlimi akutsitsa thumba. Chithunzi cha nyumba yopanda anthu kapena cha mabwana ataima pamzere sichikopa aliyense. Pansi pa chilichonse lembani amene ali pachithunzipo.

Ganiziraninso kumene makasitomala anu amamvera nkhani. The Nation ndi The Daily Times ali ndi masamba a zamalonda, koma lesitilanti ya mipando 40 ikupikisana kumeneko ndi nkhani za mabanki ndi za fodya. Mayi wa ku Zomba akhoza kupindula msanga ndi wailesi za mumzinda momwemo, monga YONECO FM, komanso mtolankhani wa Malawi News Agency wa ku ofesi ya zofalitsa nkhani ya boma, amene nkhani zake zimatengedwa ndi nyumba zina. Konzani chikalatacho m'Chichewa ndi m'Chingerezi, chilichonse chilembedwe pachokha. Wowerenga nkhani za Chichewa pa Zodiak kapena MBC akalandira cha Chingerezi chokha amayenera kumasulira mothamanga, ndipo m'kumasuliramo ndi momwe nkhwani wotendera umasandukira "masamba".

Pali chizolowezi china chimene ndiyenera kuchitchula, cha kaenivelopu kamene ena amapatsa atolankhani kuti nkhani ituluke. Malamulo a ntchito ya utolankhani amaletsa zimenezi, ndipo kwa mwini bizinesi ndi ndalama yotayika, chifukwa nkhani yogulidwa imamveka kuti ndi yogulidwa. Ngati mukufuna kuti mawu anu atuluke mosasintha, pitani ku ofesi ya zamalonda, mulipire, mulandire lisiti. Kuitana atolankhani kuti adzalawe chakudya tsiku lotsegulira n'kololeka, bola mudziwe kuti ali ndi ufulu wolemba kuti nyama inali yolimba.

Pansi penipeni pa chikalata pakhale dzina la munthu mmodzi ndi nambala ya foni imene iziyankhidwa. Sabata yotsegulira mwini malo amakhala akuthamangira makala, gasi, mafuta a jenereta ndi mipando imene kalipentala sanamalize, foni ili m'chikwama. Mtolankhani amene nkhani yake ikufunika pofika 3 koloko masana amaimba kawiri, ndipo ikapanda kuyankhidwa amatenga nkhani ina. Choncho sankhani munthu wina, kaya manijala kaya m'bale wodalirika, mumupatse pepala lokhala ndi manambala onse, mipando, mitengo, matumba a mpunga, nkhuku za pa sabata ndi antchito, kuti zimene anene pa foni zifanane ndi zimene zili m'chikalata. Mumupatsenso nambala ya wapampando wa kalabu ya alimi ija, atavomera, chifukwa mtolankhani wakhama adzafuna kumva kwa iwo eni ngati mtengo umene mwatchulawo ndi umenedi munapangana.